Sikani yaonetsa mafuta m'chiwindi: kodi Grade 1, 2 ndi 3 zikutanthauza chiyani, ndipo musinthe chiyani?

Mwina munapita kuchipatala chifukwa cha kupweteka kwa m'mimba kapena vuto la impso, ndipo adokotala anakutumizani kukajambulitsa sikani. Pa pepala lomwe munabwera nalo pali mawu achingerezi akuti "increased echogenicity" ndi "Grade 1 fatty liver". Simumadwala chiwindi, mwinanso mowa simuulawa n'komwe, koma pepala likunena za chiwindi.

Nambala ya giredi imene mwaionayo imangoyerekeza kuchuluka kwa mafuta omwe ali m'chiwindi. Siinena kuti chiwindicho chawonongeka motani. Funso loyenera kukafunsa kuchipatala ndi lakuti, kodi chiwindi chayamba kuchita zipsera? Tiyeni tione mmene pepalalo limawerengedwera, ndi zomwe mungachite kuyambira lero.

Makina a sikani amaona bwanji chiwindi?

Mukakuwa pafupi ndi phiri, mawu anu amabwerera. Makina a sikani amagwira ntchito chimodzimodzi. Kachipangizo kamene wojambula amayendetsa pamimba panu kamatumiza mawu ang'onoang'ono omwe khutu la munthu silingamve. Mawuwo akagunda ziwalo za m'kati, ena amabwerera, ndipo makina amawasandutsa chithunzi. Palibe cheza chonga cha ekisire, n'chifukwa chake ngakhale amayi oyembekezera amajambulidwa mopanda vuto.

Pamene mawu ambiri abwerera, pa sikirini pamaoneka powala. Pamene mawu angodutsa osabwerera, monga m'madzi kapena m'ndulu, pamaoneka pakuda. Mawu akuti "echogenicity" amangotanthauza zimenezi: kuchuluka kwa mawu omwe chiwalo chikubweza. Choncho "increased echogenicity" ndi kunena kuti chiwindi chikuoneka chowala kuposa mmene chimayenera kuonekera.

Timadontho ta mafuta tikadzaza m'maselo a chiwindi timabalalitsa mawuwo. Ambiri amabwerera msanga, n'chifukwa chake mbali ya chiwindi yoyandikira khungu imawala. Ochepa okha ndi amene amafika pansi, choncho mbali yakuya imaoneka yamdima. Zili ngati kuunika ndi tochi m'chifunga: pafupi pamayera mbuu, koma patali simuona kanthu.

Kuti adziwe ngati chiwindi chawaladi, wojambula amachiyerekeza ndi impso ya kumanja, yomwe ili pansi pake penipeni. Mwa munthu wathanzi ziwalo ziwirizi zimawala pafupifupi mofanana, kapena chiwindi chimaposa pang'ono chabe. Impso ikaoneka yakuda kwambiri pafupi ndi chiwindi choyera, ndiye kuti mafuta alipo.

Ichi ndi chifukwa chakenso amakuuzani kuti musadye kwa maola 6 mpaka 8 musanajambulidwe. Chakudya chimachititsa kuti ndulu ifinyike ndiponso chimachulukitsa mpweya m'matumbo, ndipo mawu a sikani sadutsa bwino mumpweya. Madzi wamba mutha kumwa. Ngati mumamwa mankhwala a shuga kapena kubaya insulini, funsani kaye mmene muchitire tsikulo kuti shuga asatsike kwambiri. Pojambula adzakupemphani kukoka mpweya ndi kuusunga kwa kanthawi, kuti chiwindi chitsike pansi pa nthiti n'kuoneka bwino.

Magiredi atatu aja

Wojambula amayang'ana zinthu zitatu: kuwala kwa chiwindi, makoma a mitsempha ya magazi yodutsa m'kati mwake, ndi mnofu wolekanitsa chifuwa ndi mimba, umene umaoneka ngati mzere woyera wopindika kuseri kwa chiwindi.

Grade 1: chiwindi chawala kuposa impso, koma makoma a mitsempha ndi mzere woyera uja zikuoneka bwinobwino. Mafuta ndi ochepa.

Grade 2: kuwala kwachuluka moti makoma a mitsempha ayamba kusowa, ngakhale mzere wa kuseri uja ukuonekabe mwina mwachimbuuzi. Mafuta ndi ochulukirapo.

Grade 3: mawu akulephera kufika pansi. Mbali yakuya ya chiwindi ndi mzere woyera uja sizikuoneka bwino kapena sizikuoneka n'komwe. Mafuta ndi ambiri.

Onani kuti magirediwa si nambala yotuluka m'makina ngati ya sikelo. Ndi maso a munthu amene akuyeza. Ojambula awiri akhoza kuona chiwindi chimodzi, wina n'kulemba Grade 1, wina Grade 2. Makina akachunidwa mowala kwambiri, chiwindi chabwinobwino chimaoneka ngati chamafuta. Munthu wa mimba yaikulu amavuta kujambula chifukwa mafuta a pakhungu amafooketsa mawu asanafike n'komwe pachiwindi. Ndipo ngati impso ikudwala, nayo imawala, motero kuyerekeza kuja kumasokonekera. Choncho mukajambulitsa ku chipatala china patapita miyezi iwiri n'kupeza giredi yasintha ndi sitepe imodzi, musafulumire kusangalala kapena kuda nkhawa.

Malire ena ndi awa. Madokotala amati chiwindi chili ndi mafuta pamene maselo oposa 5 pa 100 aliwonse ali ndi mafuta. Koma sikani wamba imayamba kuona bwino mafutawo akafika m'maselo pafupifupi 20 mpaka 30 pa 100 aliwonse. Izi zikutanthauza kuti Grade 1 si chiyambi chenicheni, mafutawo akhala akuunjikana kwa nthawi ndithu. Zikutanthauzanso kuti sikani yonena kuti chiwindi chili bwino siitsimikiza kuti mulibe mafuta ngakhale pang'ono.

Mawu ena a pa pepalalo

"Hepatomegaly" ndi kunena kuti chiwindi chakula. Kwa munthu wamkulu chimatalika pafupifupi masentimita 15 kapena 16 chikayezedwa motsika kuchokera pakati pa fupa la m'khosi la kumanja. Chiwindi chamafuta nthawi zambiri chimakula pang'ono, ndipo izi pazokha si zoopsa.

"Focal fatty sparing" ndi kachigawo ka chiwindi komwe mafuta sanafikemo, kawirikawiri pafupi ndi ndulu. Kamaoneka ngati kabanga kakuda, ndipo anthu ambiri amaopa kuti ndi chotupa, pamene kwenikweni ndi mbali yomwe ili bwino.

Koma pali mawu omwe simuyenera kuwanyalanyaza. "Coarse echotexture" ndi chiwindi chooneka chokakala m'kati. "Nodular surface" ndi kunja kwa chiwindi kokhala ndi timabampu m'malo mosalala. "Splenomegaly" ndi kukula kwa kapamba, ndipo "ascites" ndi madzi odzaza m'mimba. Mawu amenewa akhoza kusonyeza zipsera zambiri. Akapezeka pa pepala lanu, bwererani kwa adokotala msanga, musadikire tsiku la mwezi wamawa.

Chimene sikani siiona

Mwa anthu ambiri, mafuta amangokhala m'chiwindi kwa zaka osachiwononga kwenikweni. Mwa ena, mafutawo amayambitsa kutupa, maselo amafa, ndipo pamalo pake pamabwera zipsera. Zipserazo zikachuluka chiwindi chimauma ndi kukwinyika, matenda omwe madokotala amawatcha sirosisi. Zipsera ndi zimene zimasiyanitsa munthu amene adzadwale chiwindi ndi amene sadzadwala. Tsoka lake, sikani wamba siiona kutupa, ndipo zipsera imaziona zitafika kale patali.

Chodabwitsa china n'chakuti chiwindi chikachita zipsera zambiri, mafuta nthawi zina amachepa. Motero giredi yotsika si chitsimikizo chakuti zonse zili bwino.

Pali njira yosavuta yoyerekezera kuopsa kwa zipsera, yotchedwa FIB-4. Imafuna zaka zanu ndi zotsatira zitatu za magazi: AST ndi ALT, zomwe zimakwera maselo a chiwindi akamavulala, ndi mapulateleti, timaselo tothandiza magazi kuundana, tomwe timachepa chiwindi chikachita zipsera.

```
FIB-4 = (zaka x AST) / (mapulateleti x √ALT)
```

Yankho likakhala pansi pa 1.3, mwayi woti muli ndi zipsera zambiri ndi wochepa. Likapitirira 2.67, mwayiwo ndi waukulu ndipo muyenera kuonana ndi katswiri. Likakhala pakati, pamafunika kuyeza kwina, monga makina oyeza kuuma kwa chiwindi otchedwa FibroScan komwe alipo. Kwa anthu opitirira zaka 65, malire a pansi amakwezedwa kufika pa 2.0, ndipo kwa osakwana zaka 35 njirayi siidalirika kwenikweni.

Tiyerekeze anthu awiri. Woyamba ndi mayi wa zaka 46, wamalonda amene amakhala pansi tsiku lonse, wolemera makilogalamu 84. Pepala lake likuti Grade 2. AST yake ndi 32, ALT ndi 49, mapulateleti ndi 250. Zaka 46 kuchulukitsa ndi 32 zikupereka 1,472. Nambala yomwe ikachulukitsidwa ndi iyo yomwe imapereka 49 ndi 7, ndipo 250 kuchulukitsa ndi 7 ndi 1,750. Tikagawa 1,472 ndi 1,750 tikupeza 0.84. Mayiyu ali ndi mafuta ochulukirapo, koma mwayi wa zipsera zambiri ndi wochepa. Ntchito yake ili pa mbale ndi pa miyendo.

Wachiwiri ndi bambo wa zaka 58 amene wakhala ndi matenda a shuga kwa zaka khumi. Pepala lake likungoti Grade 1, ndipo iye wapita kunyumba mtima uli m'malo. Koma AST yake ndi 60, ALT ndi 64, mapulateleti ndi 140. Pamwamba tikupeza 3,480, pansi 140 kuchulukitsa ndi 8 ndi 1,120, ndipo yankho ndi 3.1. Bamboyu ndi amene akufunika kuyezedwa mozama, ngakhale giredi yake ndi yotsika.

Chenjezo limodzi: malungo amatsitsa mapulateleti, ndipo matenda ena adzidzidzi amakweza AST kwa kanthawi. Mukayezetsa muli ndi malungo kapena mwangochira kumene, FIB-4 idzakwera monama. Yezetsani muli bwino, ndipo yankho lake mukambirane ndi adokotala. Dziwaninso kuti ALT ikhoza kutuluka yabwinobwino mwa munthu amene ali ndi zipsera, choncho musaidalire payokha.

Si kuwala konse kumene kuli mafuta a kunenepa

Musanavomereze kuti vuto ndi kadyedwe, pali zinthu zina zofunika kuziona, makamaka kuno kwathu.

Choyamba ndi mowa. Chiwindi cha munthu wakumwa kwambiri ndi cha munthu wonenepa zimaoneka chimodzimodzi pa sikani. Makina sangasiyanitse, amene angasiyanitse ndinu ponena zoona za kuchuluka kwa kachasu, masese kapena mowa wa m'mabotolo umene mumamwa pa sabata. Mafuta obwera ndi mowa amayamba kuchepa m'masabata ochepa munthu akasiya. Koma ngati mumamwa kwambiri tsiku lililonse ndipo mumanjenjemera mukapanda kumwa, musasiye nokha mwadzidzidzi, pemphani thandizo kuchipatala chifukwa mukhoza kukomoka.

Chachiwiri ndi matenda a chiwindi a hepataitisi B ndi C. Munthu akhoza kukhala nawo zaka zambiri osadziwa, ndipo mankhwala ake alipo. Aliyense amene wapezeka ndi chiwindi chowala ndi bwino ayezetse magazi kamodzi.

Chachitatu ndi likodzo la m'matumbo. Mazira a tizilombo take amakodwa m'mitsempha ya chiwindi n'kupanga zipsera zowala mozungulira mitsemphayo. Kuwala kwake kumakhala ngati mizere kapena timphete, osati chiwindi chonse, ndipo kapamba amakula. Ngati munakulira kusamba m'nyanja, m'madambo kapena m'mitsinje, muuzeni wojambula.

Chachinayi ndi mankhwala. Ena, monga puredinisoloni womwa nthawi yaitali, amaunjika mafuta m'chiwindi, ndipo anthu ena amanenepa akayamba mankhwala otalikitsa moyo. Musasiye mankhwala alionse pa inu nokha. Tengani mabotolo onse, ndi azitsamba omwe, mukawaonetse kuchipatala.

Zimenezi zikachotsedwapo, chotsala ndi mafuta obwera chifukwa cha kunenepa kwa pamimba, shuga, kuthamanga kwa magazi kapena mafuta ochuluka m'magazi. Dzina lakale la vutoli linali NAFLD, ndipo mu 2023 akatswiri analisintha kukhala MASLD. Mukaona lililonse mwa mayina awiriwa pa pepala, nkhani yake ndi imodzimodziyo.

Mafutawa amachokera kuti?

Anthu ambiri akamva za mafuta m'chiwindi amangoganiza zosiya nyama yonona ndi mafuta ophikira. Zimenezo zimathandiza, koma chiwindi chimapanganso chokha mafuta kuchokera ku shuga ndi zakudya za ufa zomwe thupi silinagwiritse ntchito. Mbali ina yaikulu imachokera ku mafuta a pamimba, omwe amatayikira m'magazi thupi likasiya kumvera bwino insulini. N'chifukwa chake munthu wooneka wochepa thupi koma wa mimba yotuluka akhoza kupezeka ndi vutoli. Tengani tepi ya telala muyeze chiuno cha pamchombo. Kupitirira masentimita 94 kwa abambo kapena 80 kwa amayi ndi chizindikiro chakuti mafuta a pamimba achuluka.

Zomwe zimachepetsadi mafuta m'chiwindi

Chachikulu ndi kuchepetsa thupi, ndipo muyeso wake ndi wodziwika. Kutsika ndi makilogalamu 5 pa 100 aliwonse amene mumalemera kumachepetsa mafuta m'chiwindi. Kutsika ndi 7 mpaka 10 kumachepetsa kutupa, ndipo kufika pa 10 kapena kupitirira kumatha kubweza zipsera zina. Kwa mayi uja wa makilogalamu 84, gawo loyamba ndi makilogalamu 4 ndi pang'ono, lachiwiri ndi 8 ndi pang'ono. Akamatsika theka la kilogalamu pa sabata, gawo loyamba alifika m'miyezi iwiri. Kudzimana chakudya kuti atsike msanga n'kosathandiza: kuonda mothamanga kwambiri kumabweretsa miyala m'ndulu ndipo kukhoza kukulitsa kutupa kwa chiwindi.

Yambani ndi zakumwa, chifukwa ndi pamene shuga amalowa wambiri osakhutitsa. Zoziziritsa kukhosi zambiri zimakhala ndi magalamu 10 a shuga pa mamililita 100 aliwonse, motero botolo la theka la lita ndi magalamu 50, pafupifupi masupuni aang'ono 12. Tiyi katatu patsiku wothira masupuni atatu ndi masupuni ena 9. Mayi uja akamamwa botolo limodzi masana ndi tiyi wotero, ndiye kuti akumeza masupuni oposa 20 patsiku asanakhudze nsima. Thobwa ndi maheu othira shuga, ndi juwisi wa m'mabotolo, zili m'gulu lomweli. Chipatso chathunthu, monga gwafa, papaya kapena lalanje, n'chabwino kuposa madzi ake ofinya.

Nsima simuyenera kuisiya. Chofunika ndi muyeso. Ngati mumadya mitanda itatu, tsikirani pa iwiri, ndipo malo otsalawo mudzaze ndi masamba monga nkhwani, bonongwe, chisoso kapena mpiru, pamodzi ndi nyemba, nandolo, usipa kapena dzira. Mgaiwa umakhutitsa nthawi yaitali kuposa ufa woyera, koma nawonso ukachuluka umanenepetsa. Mandasi, tchipisi ndi buledi woyera zikhale za apo ndi apo. Mafuta ophikira muziyeza ndi supuni m'malo mothira kuchokera m'botolo. Mtedza ndi wabwino pa muyeso wa dzanja limodzi, koma wachuku mutaye, chifukwa poizoni wa chukucho amawononga chiwindi.

Yendani ndawala mphindi 150 pa sabata, monga mphindi 30 masiku asanu, mofulumira moti mukupuma mwamphamvu koma mukutha kulankhula. Kupalasa njinga ndi kulima zimawerengedwanso. Kuyenda kumachepetsa mafuta m'chiwindi ngakhale sikelo isanasunthe, choncho musagwe ulesi mwezi woyamba.

Pa mowa, ngati muli ndi zipsera kapena hepataitisi, muyeso wabwino ndi kusamwa n'komwe. Ngati mulibe, dziwanibe kuti mowa ndi mafuta a pamimba zikakumana zimawononga chiwindi mofulumira kuposa chilichonse pachokha.

Samalani ndi zosakaniza zogulitsidwa kuti zimatsuka chiwindi. Mafuta ali m'kati mwa maselo, palibe chakumwa chimene chingawakokolole. Zina mwa zosakanizazo zimavulaza chiwindi chomwecho.

Musaiwale mtima

Anthu a mafuta m'chiwindi amamwalira kwambiri ndi matenda a mtima ndi sitiroko kuposa ndi chiwindi chenichenicho. Choncho pepala la sikani likutumeni kukayezetsa shuga, kuthamanga kwa magazi ndi kolesterolo. Adokotala akakulemberani mankhwala otsitsa kolesterolo, mafuta m'chiwindi si chifukwa chowakanira.

Mubwerere liti kuchipatala?

Kujambulitsa sikani mwezi uliwonse n'kungotaya ndalama, chifukwa siingaone kusintha kwakung'ono. Kunyumba, tsatirani sikelo ndi tepi ya m'chiuno kamodzi pa sabata kapena pa mwezi. Magazi a chiwindi mutha kuyezetsanso patapita miyezi 6 mutasintha kadyedwe. FIB-4 ikakhala yotsika, kawirikawiri imabwerezedwa pakapita zaka 2 kapena 3, ndipo kwa odwala shuga pakapita chaka chimodzi kapena ziwiri.

Mafuta m'chiwindi nthawi zambiri sapweteka, kupatula kulemera pang'ono pansi pa nthiti za kumanja. Ngati munapita kukajambulitsa chifukwa cha ululu waukulu, funsani ngati chifukwa chake chenicheni chapezeka, mwina ndi miyala ya m'ndulu kapena zilonda za m'mimba.

Pitani kuchipatala tsiku lomwelo mukaona maso achikasu, mimba kapena miyendo yotupa, kusanza magazi, chimbudzi chakuda ngati phula, kapena kusokonezeka mutu ndi kugona modabwitsa.

Ngati zizindikiro zimenezi palibe, tengani pepala lanu la sikani pa ulendo wotsatira ndipo mufunse mafunso atatu: FIB-4 yanga ndi zingati, kodi ndayezedwa hepataitisi ndi shuga, ndipo ndiyenera kutsika makilogalamu angati.